Duwa ya pa chokwera mu Hisnul Muslim: zimene kabukuka kanasunga ndi zimene kanasiya

Kabuku ka Hisnul Muslim kanalembedwa kuti kaziyenda ndi munthu. Mlembi wake, Shehe Saidi bin Ali bin Wahf Al-Kahtani wa ku Saudi Arabia, yemwe anamwalira mu 2018, ananena yekha m'mawu oyamba kuti anakafupikitsa kuchokera m'buku lake lalikulu la zikiri ndi maduwa pofuna kuti kakhale kopepuka kunyamula pa ulendo, ndipo kuti anangotenga mawu enieni a duwa n'kutchula buku limodzi kapena awiri momwe hadisiyo ikupezeka. Choncho sikulakwa kukayesa kabukuka pa makomo ake a ulendo, pakuti ndi pamene cholinga cha mwini wake chagona. Makomowa ndi angapo: pali la kukwera, la ulendo, la polowa m'mudzi, la chokwera chikapunthwa, la kutsazikana, la takbira ndi tasbihi pa njira, mpaka la pobwerera. Pano tiyang'ana kwambiri awiri oyambawo, chifukwa ndi amene Asilamu ambiri amawaloweza, ndiponso ndi amene amasokonezedwa kawirikawiri.

Tiyambe ndi kuyamika. Kabukuka kanachita bwino kulekanitsa duwa ya kukwera ndi duwa ya ulendo, pakuti ndi mahadisi awiri osiyana, ochokera kwa Maswahaba awiri. Yoyamba ndi ya Ali bin Abi Talib, Allah asangalale naye, yomwe ili m'mabuku a Abu Dawud ndi Tirmizi. Yachiwiri ndi ya Abdullah bin Umar, Allah asangalale naye pamodzi ndi bambo ake, yomwe ili mu Sahihi ya Imamu Muslim. Zonse ziwiri zili ndi mawu a mu Sura Zukhruf, ndime 13 ndi 14, koma zimene zazungulira ndimezo n'zosiyana. Amene amangodziwa chimata cha pa galasi la galimoto amaganiza kuti duwayi ndi imodzi. Kabukuka kamamuwongolera pamenepo.

Vuto likuyamba ndi kufupikitsako. Mu khomo la kukwera, wowerenga amapeza mawu onse atandandalikidwa pamodzi ngati chinthu choti achinene mpweya umodzi: Bismillahi, Alhamdulillahi, ndime ziwiri zija, kutamanda katatu, takbira katatu, kenako kuvomereza kuti wadzichitira yekha zoipa ndi kupempha chikhululuko. Koma hadisiyo siinabwere ngati mndandanda. Inabwera ngati nkhani. Ali bin Rabia akusimba kuti anaona Ali atamubweretsera nyama yoti akwere. Ataika phazi pa chopondera, anatchula dzina la Allah. Atakhazikika pamsana pa nyamayo, m'pamene anatamanda Allah n'kuwerenga ndimezo ndi mawu otsatirawo. Ndiye kuti pali nthawi ziwiri: dzina la Allah limanenedwa phazi likulowa, ndipo zotsalazo zimanenedwa munthu atakhala pansi. Kugawa kumeneku kukugwirizana ndi Kur'ani yomwe, chifukwa ndime 13 imamangirira kukumbukira mtendere wa Allah ku nthawi imene munthu wakhazikika pa chokweracho. Wokwera minibasi amene akulimbana ndi katundu pakhomo, kondakitala akumufulumizitsa, safunika kuthamangitsa duwa yonse pamenepo. Pakhomo ndi pa Bismillahi basi. Zinazo azinena atapeza mpando. Chinthu chaching'ono chotere kabukuka kakanatha kuchisonyeza ndi mawu atatu okha, koma sikanatero.

Chachiwiri chimene chinatsala m'njira ndi kuseka. Ali atamaliza duwayo anaseka. Atafunsidwa chomwe akusekera, anayankha kuti anaona Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, akuchita zomwezo n'kuseka, ndipo iye atafunsa, anauzidwa kuti Allah amakondwera ndi kapolo Wake akamapempha chikhululuko akudziwa kuti palibe wina wokhululuka machimo koma Iye. Kuseka kumeneku sikuli mbali ya duwa, ndipo palibe akunena kuti aliyense wokwera basi aziseka. Koma ndi kumene kukufotokoza chifukwa chake duwa ya kukwera ikuthera pa kupempha chikhululuko. Wowerenga kabukuka angadabwe kuti machimo akulowa bwanji pa nkhani yokwera bulu. Popanda nkhani ija, amangoganiza kuti ndi mantha a ngozi. Nkhaniyo ikusonyeza kuti Mtumiki ananena mawuwo nkhope ili yowala.

Pali nkhani inanso imene kabuku ka m'thumba sikangaisenze, koma ophunzira ayenera kuidziwa. Tirmizi anaiweruza hadisi ya Ali kuti ndi yabwino ndi yoona. Komabe njira yake yotchuka imadzera mwa Abu Is'haka As-Sabii kuchokera kwa Ali bin Rabia, ndipo Ibn Kathir, yemwe anamwalira mu 774 pa kalendala ya Hijira, analemba mu tafsiri yake kuti Shuba, katswiri wofufuza osimba mahadisi, anamufunsa Abu Is'haka kuti hadisiyi anaimva kwa yani. Iye anatchula Yunus bin Khabbab. Shuba anapita kwa Yunus, ndipo Yunus anati anaimva kwa munthu wina amene anaimva kwa Ali bin Rabia. Tanthauzo lake n'lakuti pa unyolo umene ukuoneka wolumikizana panadumphidwa anthu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo sanatchulidwe dzina. Chimene chimaichirikiza hadisiyi ndi njira ina, yosadzera mwa Abu Is'haka, imene Al-Hakim anaitulutsa kudzera mwa Minhal bin Amr. Choncho hadisiyi ndi yogwiritsidwa ntchito, ndipo Al-Kahtani sanalakwe kuiika. Koma siili pa mlingo umodzi ndi ya Ibn Umar ya mu Sahihi Muslim, ndipo kabuku kamene kamaika zonse ziwiri moyandikana, ndi kalembedwe kofanana, kamachititsa wowerenga kuganiza kuti kulemera kwake n'kumodzi.

Tsopano tanthauzo, lomwe ndi pamene mabuku otere ndi owamasulira awo amayesedwa kwenikweni. Ndime ziwiri zija zaima pa mawu atatu a Chiarabu.

Liwu loyamba ndi sakhara. Limanenedwa pamene chinthu champhamvu chagonjetsedwa kuti chitumikire wina, chosafunsidwa maganizo ake. Kur'ani imaligwiritsa ntchito pa dzuwa, pa mwezi ndi pa nyanja. Pomasulira m'Chichewa ena amanena kuti Allah anatipatsa chokwerachi, koma kupatsa n'kochepa, chifukwa munthu angapatsidwe chinthu chimene sichinali ndi mphamvu zokana. Kufewetsa kapena kugonjetsera ndiko kukuyandikira. Ngamira ili ndi mphamvu zoposa za mwini wake kangapo, komabe imagwada kamwana kakaikoka chingwe. Amene anaonapo ng'ombe zikuluzikulu zikukoka ngolo, kamnyamata kakuziwongolera ndi kamtengo, wamvetsa kale liwuli.

Lachiwiri ndi mukrinina, ndipo ili ndi limene limavuta. Ibn Abbas analimasulira kuti okhala ndi mphamvu yochitha chinthucho. Akatswiri a chilankhulo amaligwirizanitsa ndi liwu lotanthauza munthu wolingana nawe pa nkhondo kapena pa kulimbana, mnzako amene mungagwirane osagwetsana msanga. Ena amaligwirizanitsa ndi chingwe chomangira ngamira ziwiri pamodzi. Njira zonse ziwiri zikufika pamalo amodzi: wokwerayo akuvomereza kuti iye ndi chimene wakwerachi si olingana, ndipo sakanatha kuchimanga pa goli ndi mphamvu zake. Apa munthu wa masiku ano angatsutse, ndipo kutsutsa kwake n'koyenera kuyankhidwa. Ngamira sitinailenge, inde, koma galimoto anapanga ndi anthu, ndiye tinganene bwanji kuti sitikanaitha? Yankho lili mu ndime 12 ya Sura yomweyo, imene imatchula zombo limodzi ndi ziweto pa zinthu zimene anthu amakwera. Chombo chimakhomedwa ndi amisiri. Kur'ani inadziwa zimenezo, koma inachiikabe pansi pa chivomerezo chomwecho, chifukwa mmisiri amakhoma matabwa koma sindiye anaika lamulo loti madzi azinyamula matabwawo. Wopanga injini sanaike moto m'mafuta; anaupeza momwemo. Ndiye kuwerenga ndimezi pa basi kapena pa ndege sikukoka mawu kuwafikitsa kumene sanalinge. Chopangidwa ndi manja chinalimo kale kuyambira pachiyambi. Ndipo aliyense amene anakhalapo m'basi mabuleki atakana pa chitsikitsiki amadziwa kuti woyendetsa ndi galimoto yake salingana mphamvu.

Lachitatu ndi munkalibuna, obwerera. Ndime 14 ikumuchititsa wokwerayo kunena kuti mapeto ake ndi kubwerera kwa Mbuye wake. Ibn Kathir anati apa Kur'ani ikugwiritsa ntchito ulendo wa pa dziko pokumbutsa ulendo wa ku Akhera, monga momwe inachitira potchula kamba wa pa Haji n'kukumbutsa kamba wa kuopa Allah, ndi potchula zovala za thupi n'kukumbutsa chovala cha kuopa Allah. Zamakhshari, amene ma ulama a Sunna amatsutsana naye pa chikhulupiriro koma amamulemekeza pa chilankhulo, anaona china choonjezera: kukwera n'kudziika pafupi ndi imfa, pakuti okwera ambiri anagwa pa nyama zawo n'kufa, ndipo ambiri zombo zinawaswekera, kotero n'koyenera kuti wokwera asaiwale tsiku lake. Mafotokozedwe onse awiri ndi olondola. Tingoonjezera kuti munthu aliyense ali ndi chokwera chomaliza chimene sadzatha kunenapo duwa, jeneza, ndipo ndime iyi ikumupatsa mwayi wonena mawuwo akadali ndi lilime.

Liwu lomweli likubweranso mu hadisi ya Ibn Umar, ndipo apa m'pamene kumasulira kumataya chinthu chokongola. Mu duwa ya ulendo, pambuyo pa takbira katatu ndi ndime zija, Mtumiki ankapempha ubwino ndi kuopa Allah pa ulendowo, kuti ulendo ufewetsedwe ndi mtunda wake upindidwe, n'kumutchula Allah kuti ndiye mnzake wa pa njira ndiponso mlowam'malo pa banja lotsala. Kenako ankadzitchinjiriza ku zinthu zitatu, ndipo chachitatu ndi munkalabu woipa, kubwerera koipa pa chuma ndi pa banja. Tsinde la liwuli ndi lomwe lija la munkalibuna. M'Chiarabu khutu limamva kuti duwa yayamba ndi kubwerera kwakukulu n'kuthera pa kubwerera kwakung'ono, kwa pakhomo. Womasulira akaika "kubwerera" pamalo poyamba ndi "kusintha" kapena "mapeto" pamalo achiwiri, ulusiwo waduka. Chichewa chili ndi mwayi pamenepa, chifukwa kubwerera kukukwanira malo onse awiri. Munthu amene wagwira ntchito ku Joni zaka zitatu n'kupeza kunyumba ndalama zomwe ankatumiza zitamwazika, kapena banja litapasuka, safuna tafsiri kuti amve chimene chikupemphedwa apa.

Choyamba mwa zitatuzo nachonso chimaphwanyidwa pomasulira. Liwu lake ndi waathau, ndipo kawirikawiri limangomasuliridwa kuti mavuto a pa ulendo. Tsinde lake ndi mchenga wofewa umene phazi limamiramo, moti woyenda amatopa koma osapita patali. Si ngozi yoopsa imene ikunenedwa, koma kutopetsa kumene kumadya mphamvu ndi mtima pang'onopang'ono: kudikira basi idzaze, kugona pa chipata cha malire, matope a m'dzinja. Kutopa kotere n'kumene kumachititsa wapaulendo kuchedwetsa Swala ndi kukalipira anzake. Mwina n'chifukwa chake duwayi inayamba ndi kupempha kuopa Allah isanapemphe kufika msanga.

Funso la fikihi limene makomo awiriwa akudzutsa, kabukuka sikanaliyankhe: kodi duwa ya kukwera ndi ya kukwera kulikonse, kapena ndi ya pa ulendo pokha? Ma ulama awiri a dziko la mlembi yemweyo anasiyana. Shehe Ibn Baz, yemwe anamwalira mu 1999, ankaona kuti mawuwa amanenedwa pokwera kupita pa ulendo, potsamira hadisi ya Ibn Umar imene imatchula poyera kuti Mtumiki anali akutuluka kupita ku ulendo. Shehe Ibn Uthaimin, yemwe anamwalira mu 2001, ankaona kuti maonekedwe a Kur'ani akusonyeza kuti amanenedwa nthawi iliyonse munthu akakwera. Pa mbali ya ndime zija, maganizo achiwiriwa ndiwo amphamvu, chifukwa ndime 13 siinatchule ulendo, inatchula kukhazikika pa chokwera, ndipo hadisi ya Ali nayo siinanene kuti iye ankapita kutali. Koma mapemphero oonjezera a mu hadisi ya Ibn Umar ndi a ulendo basi, ndipo mawu ake omwe akuchitira umboni. Munthu wochoka ku Limbe kupita ku Blantyre kukagula zinthu sakusowa kupempha kuti mtunda upindidwe.

Tiyese pa munthu mmodzi. Mayi wa ku Mangochi akupita ku Blantyre kukaona mwana wake. Atuluka m'nyumba ndi duwa yotulukira. Akwera kabaza kupita ku depoti: potukula mwendo anena Bismillahi, atakhazikika atamanda Allah n'kuwerenga ndime ziwiri zija ndi zotsatira zake za mu hadisi ya Ali. Kodi duwa ya ulendo ainene pomwepo? Angathe, pakuti watuluka kale ndi cholinga cha ulendo. Angathenso kuisunga mpaka atakhala m'basi imene ikumutulutsa m'tauni, ndipo kumeneku ndiko kukufanana kwambiri ndi mmene Ibn Umar anasimbira. Chimene sichikufunika ndi kubwereza duwa yonse ya ulendo nthawi iliyonse basi ikaima pa Liwonde kapena pa Zomba iye n'kutsika kukagula madzi. Ulendo ndi womwewo, ndipo pokweranso ndime zija zikukwanira. Basi ikamakwera chitunda anena takbira, ikamatsika anena tasbihi, monga anasimbira Jabir mu Sahihi ya Bukhari, ndipo anena motsitsa mawu, chifukwa mu hadisi ya Abu Musa Mtumiki analetsa Maswahaba kukuwa ndi takbira pa njira, powakumbutsa kuti amene akumuitana si gonthi ndipo sali kutali. Tsiku lobwerera, anena duwa ya ulendo yomweyo n'kuonjezera mawu onena kuti ndife obwerera, olapa, opembedza ndi otamanda Mbuye wathu. Dziwani kuti mtunda wa makilomita pafupifupi 80, umene ma ulama a Shafii amaika pa kufupikitsa Swala, hadisi za duwa sizinaumangirire. Zimene zinatchula ndi ulendo basi.

Pamene Al-Kahtani anachita bwino kwambiri ndi pa chimene anakana kuika. Imamu Nawawi, yemwe anamwalira mu 676 pa Hijira ndipo ndi mzati wa mazihabu a Shafii amene Asilamu ambiri a kuno amatsatira, anaika m'buku lake la Al-Azkar khomo la zonena pokwera chombo. M'menemo muli hadisi yochokera m'buku la Ibn Sunni, yonenedwa kuti inachokera kwa Husein bin Ali, yolonjeza kuti anthu a Mtumiki adzatetezedwa ku kumira akanena mawu a Mneneri Nuhu a mu Sura Hud ndime 41 pamodzi ndi ndime ina. Unyolo wa hadisi imeneyi ndi wovunda. Muli Yahya bin Al-Ala, amene ananenezedwa kuti ankapeka mahadisi, ndi Marwan bin Salim, amene akatswiri anasiya kulandira nkhani zake. Shehe Albani anaiweruza kuti ndi yopeka. Nawawi amaloleza kugwiritsa ntchito hadisi yofooka pa nkhani za ubwino wa ntchito, koma iye mwini anaika malire akuti isakhale yopeka, ndipo Ibn Hajar anaonjezera kuti kufookako kusakhale kwakukulu. Hadisi iyi siikudutsa pa malire amenewo.

Apa tisamale kuti tisapitirire muyeso. Mawu a Nuhu ndi Kur'ani, ndipo munthu wokwera Ilala kapena bwato la asodzi akawawerenga potsanzira Mneneri wa Allah sanalakwe kanthu. Chimene chilibe maziko ndi lonjezo lija, ndi kulinena kuti linachokera pakamwa pa Mtumiki. Ndipo lonjezo lotere lili ndi mtengo wake pa nyanja ngati yathu, imene inameza sitima ya Vipya mu 1946 ndi anthu oposa 140. Munthu akakhulupirira kuti mawu ena ake ndi chitsimikizo chakuti sangamire, amakwera bwato lodzaza kupyola muyeso mwera ukuomba, ndipo likagubuduka, otsala amayamba kukaikira zimene Mtumiki sananene n'komwe. Ndime za mu Zukhruf, zomwe zinatchula zombo ndi dzina, sizilonjeza kufika. Zimamuuza wokwera kuti sangalimbane ndi chimene wakwera ndiponso kuti adzabwerera kwa Mbuye wake, kaya lero kaya tsiku lina. Chimata cha pa galasi la minibasi chimene chimaikidwa ngati chithumwa chikunena zosemphana ndi mawu amene alembedwapo.

Pali hadisi imodzi imene tikanakonda ikanalowa m'khomo la ulendo. Mu Sahihi Muslim, moyandikana ndi ya Ibn Umar, muli ya Abdullah bin Sarjis, imene imatchulanso zinthu zimene Mtumiki ankadzitchinjiriza nazo akamapita pa ulendo. Zina n'zofanana ndi zija, koma muli ziwiri zatsopano: kubwerera m'mbuyo pambuyo pokhala bwino, ndi duwa ya munthu woponderezedwa. Ofotokoza hadisi amati kudzitchinjiriza ku duwa ya woponderezedwa n'kudzitchinjiriza ku kupondereza kumene, pakuti ndiko kumaibala duwayo. Ulendo uli ndi mipata yambiri ya zimenezi: ngongole imene munthu wainyamukira osabweza, mkazi wosiyidwa wopanda chakudya, wakabaza wolipidwa mopereweza chifukwa sadzakumananso naye, wokwera amene kondakitala wamukana chenji. Mapemphero ena onse a pa ulendo amamuona wapaulendo ngati munthu amene zoipa zingamugwere. Iyi yokha ikumuona ngati munthu amene angachitire ena zoipa, ndipo ikanangotenga mizere iwiri ya kabukuko. Aphunzitsi a m'madrasa amene amaloweza ana makomo amenewa angaitenge mu Sahihi Muslim, mu gawo la Haji, n'kuiphunzitsa pamodzi ndi nkhani yonse ya Ali, phazi pa chopondera, kukhazikika, ndi kuseka kuja.